"Pentani basi" si chilolezo

Ntchito yanga ndi kuyang'anira nyumba za lendi mumzinda wa Lilongwe m'malo mwa eni ake, ndipo mawu omwe andikola ndi awa: "Komatu a landilodi anavomera." Ndikafunsa kuti anavomera chiyani, nkhani imakhala yomweyomweyo. Anakumana pageti tsiku lotolera lendi, wina n'kudandaula kuti khoma lada, winayo n'kuyankha kuti "pentani basi," maso ali pa ndalama zomwe akuwerenga.

Mayi wina wa ku Area 25 ndimamukumbukirabe. Chipinda chake chinali chopaka laimu. Atauzidwa kuti apente basi, anagula penti wa mafuta wabuluu wodera, n'kupeza mnyamata womupakira pamwamba pa laimupo osapala. Laimu amayoyoka ngati ufa, ndiye penti amagwira ufawo, osati khoma. Mvula isanathe, penti anayamba kumatuka zibenthuzibenthu. Tsiku lotuluka, mayiyo ankayembekezera kubwezeredwa ndalama za penti poti anakongoletsa nyumba ya eni. Mwininyumba anagwira dipoziti yonse, ati ndi yopalira khoma ndi kuphimba buluuyo. Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'chakuti panalibe wonama. Aliyense anamva zake m'mawu awiri aja, ndipo ine ndinalibe pepala loti n'kugwira.

Kalata yopempha chilolezo chopenta siifuna Chingerezi kapena loya. Uthenga wa pa WhatsApp ndi wokwanira, bola ukhale motere:

"Zikomo bambo. Ndine mwana wanu wa m'chipinda chakumapeto chija. Ndikupempha chilolezo choti ndipente makoma a m'kati, poti ada ndi utsi. Ndimaganiza za penti wa madzi wa kirimu, kapena wotuwa pang'ono ngati kirimuyo simukumufuna. Zithunzi za mitundu yonse iwiri ndatumiza. Chitseko, mafelemu ndi siling'i sindikhudza. Penti ndi wopenta ndilipira ndekha, sindidzachotsa pa lendi, ndipo ndikupempha kuti podzatuluka ndidzasiye choncho osabwezeretsa mtundu wakale. Ngati mwalola, chonde mundiyankhe pomwe pano ndi mtundu womwe mwasankha."

Mitundu mutchule iwiri. Mukatchula umodzi, mwininyumba amamva ngati mwamaliza kale kuganiza pa khoma lake, ndipo ena amakana pongofuna kuonetsa kuti nyumba ndi yawo. Mukawapatsa mpata wosankha, yankho lawo limatchula mtundu, ndipo umenewo ndiye umboni wanu. Yonse iwiri ikhale yowala. Mwininyumba akuganiza za munthu wodzalowa inu mukadzachoka, ndipo akudziwa kuti kirimu amafafanizika mosavuta pomwe buluu wodera kapena wofiira amaonekerabe pansi ngakhale mutapaka woyera kawiri.

Chiganizo cha ndalama ndi chomwe anthu amachithawa chifukwa cha manyazi, koma mikangano yonse imaphulikira pomwepo. Ngati mukufuna kuti zichotsedwe pa lendi, nenani musanagule, ndipo mutchule kuchuluka kwake. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Chipinda cha mamita 3 ndi 3.5, chotalika mamita 2.7, chili ndi makoma a masikweya mita 35. Kuchotsapo chitseko ndi windo atsala ngati 32. Kupaka kawiri ndi 64. Lita imodzi ya penti wa madzi imapaka masikweya mita pakati pa 8 ndi 10, ndiye mufunika malita 7 kapena 8. Chitini chimodzi cha malita 5 sichikwana.

Apa ndiye pomwe openta oyendayenda amalowerapo. Adzakuuzani kuti chitini chimodzi chikwana n'kutsalako. Chikwanadi, chifukwa adzathira madzi mpaka penti asanduke ngati thobwa losungunula. Tsiku loyamba khoma limawala. Likauma, mudzaona mizere ya bulashi ndi madontho akale akusuzumira, ndipo mukatsamira malaya amatuwa. Wopenta amene sakusisita khoma ndi dzanja kuti aone ngati pali laimu asanatchule mtengo, m'bwezeni. Amene akuti chinyontho amachiphimba ndi penti wa mafuta, m'bwezeninso msanga, chifukwa madzi otsekeredwa m'khoma amatukumula penti n'kupanga matuza.

Chinyonthocho chilembeni m'kalata momwemo ngati chilipo, ndi chithunzi chake. Khoma lonyowa kumunsi kapena pansi pa malata odontha ndi vuto la mwininyumba, ndipo liyenera kukonzedwa penti asanafike. Mukangopakapo mwakachetechete, tsiku lomwe adzamatuke mlandu udzakhala wanu. Musadikirenso mpaka Disembala kuti mulembe. Tumizani cha mu Julayi kapena Ogasiti, kuti akakhala a landilodi ozengereza kuyankha, mupentebe khoma lili louma mvula ya Novembala isanagwe. Ndipo akakuimbirani foni n'kuvomera pakamwa, thokozani mwaulemu, kenako mulembe kuti, "Bambo, monga tinakambirana, ndipaka kirimu uja Loweruka," n'kudikira mpaka ayankhe ndi dzanja lawo.