Kupumira kaye maphunziro ku yunivesite popanda kutaya malo: mafunso ndi mayankho

Funso: Ndili m'chaka chachitatu pa yunivesite ya boma ndipo ndadwala pakati pa semesita yoyamba. Mkulu wa dipatimenti wandiuza kuti ndipite kwathu ndikachire. Kodi mawu akewo ndi okwanira?

Yankho: Ayi, sakukwanira, ngakhale anenedwe ndi mtima wabwino. Kaundula wa ophunzira amasungidwa ku ofesi ya rejisitala, ndipo ngati ofesiyo ilibe kalata yokulolani kupuma, tsiku la mayeso mudzalembedwa ngati wojomba popanda chifukwa. Lembani kalata kwa rejisitala, mudutsitse kwa mkulu wa dipatimentiyo ndi akuluakulu ena amene malamulo a yunivesite yanu atchula, ndipo muphatikizepo chikalata cha dokotala. M'kalatamo mutchule nambala yanu ya m'kaundula, chifukwa chopumira, ndi nthawi imene mukufuna kudzabwerera. Tsalani ndi kope lodindidwa chidindo cha tsiku limene kalatayo yalandiridwa.

Funso: Nanga kalata yondiyankha inene chiyani?

Yankho: Inene momveka kuti malo anu asungidwa, ndipo itchule pulogalamu, chaka ndi semesita imene mudzayambire. Mawu akuti "mudzaganiziridwa mukadzapemphanso" si lonjezo la malo, choncho mukawaona pemphani kuti akonzedwe musanachoke.

Semesita ndiyo imasokoneza ambiri. Maphunziro ambiri amaphunzitsidwa kamodzi pa chaka, kotero inu amene mwasiyira pakati pa semesita yoyamba, ngakhale mutachira patatha miyezi iwiri, mungafunike kudikira kufikira semesitayo itabweranso chaka chamawa. Kalatayo inenenso ngati malikisi a ntchito zimene mwapereka kale adzawerengedwa kapena afafanizidwa, ngati nthawi yopumayi ikuwerengedwa pa zaka zimene mumaloledwa kumaliza digiri, ndiponso zimene mudzachite ngati ndondomeko ya maphunziro idzakhala itasintha pobwerera.

Funso: Fizi imene ndalipira kale yapita?

Yankho: Izi zimasiyana malinga ndi yunivesite komanso nthawi imene mwachokera. Pemphani ofesi ya zachuma ikulembereni ndalama zimene mwalipira, ngongole yotsala, ndiponso ngati ndalamazo zidzagwira ntchito mukadzabwerera. Ngati mumalandira loni kuchokera ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira la HESLGB, dziwitsani bungwelo mwa kalata yapadera, chifukwa chilolezo cha yunivesite sichilimanga bungwelo kuti lidzapitirize kukuthandizani. Malo ogona ku hositelo nawonso musawayese kuti asungidwa pokhapokha zitalembedwa.

Funso: Nthawi yobwerera ikayandikira ndichite chiyani?

Yankho: Lemberani rejisitala kusanayambe kulembetsa kwa semesitayo, muphatikize kope la chilolezo chija pamodzi ndi chikalata cha dokotala chotsimikiza kuti mwachira. Ngati simunapeze bwino, pemphani kuwonjezera nthawi tsiku lanu lobwerera lisanadutse, pakuti likadutsa muli chete, yunivesite ikhoza kukutengani ngati munasiya sukulu.