K6,500 ija inkapita kuti mwezi ndi mwezi?

Ndakhala pa kauntala ya mafunso ku banki kwa zaka zambiri ndithu, ndiye nkhani ngati iyi ndaziona zingapo, koma ya mtsikana wina wa ku Mpondasi ku Mangochi ndimaikumbukirabe. Dzina sinditchula. Anabwera ku holide ya Disembala 2024 kuchokera ku koleji, fizi ya temu inayo itavuta, ndiye bambo ake anangoti pita ukaone ku akaunti yakale ija, muja mumalowa lendi ya kanyumba ka ku Monkey Bay, mwina mwatsala kenakake.

Anafika yekha ali ndi khadi la bambo ake m'manja. Ndinamubweza, ndipo anandiyang'ana ngati ndamulanda chakudya. Komatu lamulo lake ndi lomwelo, za mu akaunti timauza mwini wake basi, kaya ndiwe mwana woyamba kaya ndiwe mkazi wawo, pokhapokha ngati anakulembetsa kuti uzisainira nawo. Mawa lake anabwera nawo madalawo pa kabaza, chiphaso cha unzika chili m'thumba la shati, tinasindikiza sitetimenti ya miyezi 12.

Mtsikanayo sanayang'ane balansi yokha ngati mmene ambiri amachitira, anayamba kutsata mzere ndi mzere ndi chala. Lendi ikulowa K25,000 kumayambiriro kwa mwezi, bwinobwino. Koma pa 28 paliponse K6,500 ikutuluka, pambali palembedwa `STANDING ORDER` ndi nambala ya akaunti ina yake.

"Ababa, ndalama iyi mumalipira ndani?"

"Ine? Palibe amene ndimamulipira ine. Ndimangoona ngati walendi uja amapereka zosakwana."

Zaka zonsezi munthu wosalakwa ankamunenera m'mtima kuti ndi wachinyengo, chonsecho iye akulipira yonse.

Ndiye sitanding'i oda ndi chiyani? Ndi lamulo loti inuyo mwini akaunti mwapatsa banki, mwasainira pa fomu, kuti tsiku lakuti mwezi uliwonse muzichotsa ndalama yakuti n'kutumiza ku akaunti yakuti. Pa fomupo pamakhala malo olemba tsiku loyambira ndi tsiku lothera, ndipo vuto limayambira pomwepo, anthu ambiri malo a tsiku lothera amangowasiya, kapena amachonga kuti zizipitirira mpaka adzanene okha. Makina a banki samadziwa kuti shopu munatseka, samadziwa kuti munasamuka, iwo amangoona kuti lero ndi pa 28 ndipo ndalama zilimo, basi atumiza.

Titafufuza fomu yoyambirira inapezeka kuti ndi ya 2018. Nthawi imeneyo bamboyo anali ndi kashopu ka sipeya za njinga pa boma pompano, ndiye analembetsa ku kampani ina ya zachitetezo, ija yoti amakuikira alamu ndipo ikalira usiku amabwera ndi galimoto. Shopu inatsekedwa mu Malichi 2020. Iwo anauza mnyamata wa kampaniyo pakamwa atakumana naye pamsika kuti ife tatseka, mnyamatayo anati chabwino bwana, nkhani n'kuthera pomwepo. Ku banki sanabwere, ku ofesi ya kampani sanalembe kalata. Werengani nokha, kuyambira Epulo 2020 kufika Disembala 2024 ndi miyezi 57, kuchulukitsa ndi K6,500 ikukwana K370,500, kulipirira alamu ya nyumba yoti pano muli saluni ya munthu wina.

Mwina mukuti nanga mauthenga a pa foni aja sankabwera? Ankabwera ndithu, koma ku nambala yakale. Foni inagwera m'nyanja ku Makawa, iwo anangogula simu ina, osadzasintha nambala ku banki. Ndalama ankatapa pa ATM mwa apo ndi apo, makina akakana K50,000 ankangoyesa K30,000 n'kumapita.

Pali china chofanana nacho chimene anthu amasokoneza, dailekiti debiti. Apa si banki imene imatumiza yokha, ndi kampani imene munaipatsa chilolezo choti izidzatenga ndalama mu akaunti mwanu, monga amachitira a inshulansi ena ndi obwereketsa ndalama. Pa sitetimenti mungathe kuzisiyanitsa. Ya sitanding'i oda ndalama yake siisintha mpaka inuyo mutaisintha, ndipo mtsikana uja ndi amene anaona zimenezi ndisananene, anati zinthu zonse zinakwera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nanga iyi yokha ikukhaliranji pa K6,500 pomwepo? Ikanakhala dailekiti debiti mwina kampani ikanaikweza. Kusiyanaku kuli ndi ntchito pothetsa. Sitanding'i oda mumathetsa ku banki, fomu imodzi ndi siginecha yanu, koma bwerani masiku angapo tsiku lochotsa lisanafike. Dailekiti debiti muyenera kugogoda makomo awiri, ku banki ndi ku kampani, chifukwa mukangotseka ku banki kokha kampaniyo imaona ngati mwalephera kulipira ndiye imayamba kukulemberani ngongole.

Madalawo anasaina fomu yoimitsa tsiku lomwelo, kenako funso lomwe aliyense amafunsa linabwera, ndiye mutibwezera liti? Apa ndiye pamawawa. Banki siibweza, chifukwa sinalakwitse, inachita zimene munailamula ndi siginecha yanu. Bola ikanachotsa mutaimitsa kale, pamenepo mlandu ukanakhala wathu, ndipo tikanakana kukonza mukanatha kukadandaula ku Reserve Bank of Malawi. Koma izi ndalama zili kwa amene anazilandira, ndiye n'komwe muyenera kupita.

Ndinawauza kuti asapite ndi mkwiyo wokha, atenge mapepala. Sitetimenti ya nthawi yonseyo kuyambira 2020 (imalipiritsidwa, funsani mtengo kaye), mgwirizano wa 2018 ngati ulipo, ndi umboni woti shopu anachokamo liti. Mgwirizanowo mtsikanayo anaupeza mu sutikesi pansi pa bedi, ndipo munalembedwa kuti wofuna kusiya apereke notisi ya mwezi umodzi polemba kalata. Mawu a pamsika aja ndiye analibe mphamvu. Chimene chinawathandiza ndi kalata ya mwini nyumba ya shopu ija yonena kuti anatuluka mu Malichi 2020 komanso kuti alamuyo inazulidwa pomwe ankakonza saluni, kutanthauza kuti kampani inkalandira ndalama popanda ntchito iliyonse. Anakambirana kangapo, pomaliza anagwirizana zobweza theka, pang'onopang'ono. Ine ndimaona kuti kampani yolongosoka ikanafunsa yokha kuti ndalama iyi ikubwerabe bwanji, koma pa pepala a kampaniwo anali ndi pothawira.

Chenjezo limodzi lokha musanathamange kukaimitsa chilichonse chomwe simukuchidziwa pa sitetimenti ya makolo anu. Funsani kaye kuti ikupita kwa ndani. Ikakhala inshulansi ya maliro kapena ya moyo, mukasiya kulipira inshulansiyo imatha kufa, zaka zonse munalipira zija n'kupita pachabe. Ndipo ngati mwini akaunti anamwalira, musamatape ndi khadi lawo ngakhale PIN mukuidziwa, kadziwitseni banki ndi chikalata cha imfa, za chuma cha masiye muyambire ku ofesi ya DC.

Mtsikana uja asanabwerere ku koleji anabweranso ndi bambo ake kudzasintha nambala ya foni. Polemba fomu madalawo anaima kaye n'kufunsa ngati pa sitetimenti paja pali nambala ya walendi wa ku Monkey Bay, akuti akufuna amuimbire.