Malonje aja adathera pati kuno ku Joni?

Makolo ambiri achimalawi kuno ku Joni dandaulo lawo ndi limodzi, akuti ana obadwira kuno sadziwa kulonjera. Mlendo walowa mfulati, mwana ali pa foni wangodzutsa mutu nkuti "shapu ankolo" basi wathana nazo. Ena amati asiyeni ndi ana amtauni, ena amati talekerera ndife makolo. Ine zimandiwawa ndithu, chifukwa moni wakwathu umakhala ndi dongosolo lake ndipo umagwira ntchito yayikulu.

Kumudzi mlendo amaima pabwalo nkunena odi, eni khomo ayankhe kaye kuti lowani. Amulandira katundu, amupatsa mpando kapena mphasa, ndipo palibe amene amampatsa moni ali chiimire. Akakhala pansi mpamene apakhomo amabwera mmodzimmodzi, ana akugwada, dzanja lamanja kutsogolo lamanzere litagwira mkono, kenako kuwomba m'manja mofukata kuja. Zikatha izi wamkulu wapakhomo ndiye amafunsa malonje, mlendo nkuyamba kufotokoza mmene wawasiyira kwawo, ndani akudwala, mvula yagwa bwanji, wayenda bwanji panjira, chomwe wadzera chimabwera kumapeto kwenikweni. Mwana amene wakhala pambali akumva zonsezi amadziwiratu kuti awa ndi amalume, awa ndi azakhali, ndipo akunenedwa kuti adwalawo ndi abale akenso.

Mwana akati akane kupereka mpando kapena kugawana ndiwo, agogo amangoti mlendo ndi mame sachedwa kukamuka, kutanthauza kuti pirira mawa lomweli apita. Mwambi wina umati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndiye kuti amene wampatsa moni bwino lero mwina ndi amene adzathetse vuto lakulepherani nonse pamudzi. Miyambi imeneyi siinkaphunzitsidwa ngati ya mayeso ayi, inkagwa pomwe mwana walakwitsapo, nchifukwa chake inkakhazikika.

Nyimbo nazo chimodzimodzi. Madzulo ponena nthano agogo akati padangokhala, ana onse amayankha tili tonse, ndipo pakati pa nthano pamabwera kanyimbo kamene wina amatsogolera ena nkumavomera. Ukangokhala duu nthano imaima, akufunse ngati wagona. Apa mpamene mwana amazolowera kuti munthu akakulankhula umayankha, zomwezo za muli bwanji, ndili bwino kaya inu. Kuchinamwali anamkungwi amadzangomalizitsa ndi nyimbo za mwambo, za kugwadira akuluakulu ndi kusalowa kuchipinda kwa makolo.

Tsono mwambo umenewu udafika kale kuno, siwabwera ndi mabasi a ku Park Station ayi. Azigogo athu ankabwera kumigodi kudzera ku Wenela, ndipo mkomponi munthu wongofika kumene kuchokera kumudzi ndiye adali kalata ya onse. Amukhazika pansi, malonje atenga usiku wonse, wina amvera pomwepo kuti mkazi wake wachira mwana wamwamuna, wina kuti mayi ake adaikidwa kale. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown nkupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, Kamuzu nkuletsa zolemba anthu akumigodi. Zidayambiranso mu 1977 koma anthu adali ochepa, mpaka zidatheratu cha mu 1988. Obwera pambuyo pake akhala akubwera paokha, kumwazikana ku Mayfair, Yeoville, Diepsloot, aliyense ndi kachipinda kake ka lendi, ndiye bwalo lochitirapo malonje lidasowa. Foni nayo idamaliza, nkhani zakumudzi timazimva pa WhatsApp mlendo asadawoloke ndi Beitbridge komwe.

Palinso china chimene odzudzula anawa amaiwala. Mu Meyi 2008 zipolowe zothamangitsa obwera zitayamba ku Alexandra, anthu 62 adaphedwa, ndipo ena ankaimitsidwa panjira nkuuzidwa kuti atchule chigongono m'Chizulu kuti adziwike ngati ndi akunja. Kuyambira apo makolo ambiri adayamba kuuza ana kuti mtekisi uziti sawubona kapena ungokhala chete, Chichewa tikalankhula kunyumba. Simungawanene makolo amenewa, ankateteza ana awo. Koma vuto nlakuti kunyumbako nakonso Chichewa chija sichidabwerere, bambo afika usiku atatopa, mayi akugona kuntchito kwa abwana, mwana wakula osaonapo ndi kamodzi komwe mlendo akulonjeredwa mpaka kumapeto.

Komwe ndikuonabe mwambowu uli moyo ndi kumapemphero a Chichewa Lamlungu ndi pamaliro, tikamasonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi. Pamenepo wofika amakhala kaye pansi, amazungulira kupereka dzanja kwa aliyense, amafunsidwa kwawo, mfumu yake ndi mfunda wake, ndipo dzina lake limalowa mkabuku ka chopereka. Ana ambiri pa nthawi imeneyi timawasiya kufulati ati asasowetse mtendere.