Phindu la m'kope, ndalama ya pachitenje

Amalonda ambiri amene ndimawaphunzitsa kusunga mabuku amabwera ndi funso limodzi: katundu akuyenda bwino, nanga ndalama ikulowera kuti? Ndimawayankha ndi nkhani ya anthu awiri, mayi wina ndi mlamu wake, amene amagulitsa moyandikana pamsika wa pa Mangochi boma. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, koma masamu ake ndi enieni.

Mayiyo amagulitsa usipa wouma. Lolemba lina anapita ku Makawa nakaoda zigoba 20 pa K15,000 chimodzi, kutanthauza K300,000, ndipo thiransipoti ndi chiphaso cha msika zinadya K20,000. Pofika Lachinayi usipa wonse unali utatha pa K20,000 chigoba. Zogulitsa zinakwana K400,000, zimene anawononga K320,000, phindu K80,000. Palibe cholakwika pamenepa, malonda anayendadi.

Koma atamasula mfundo ya chitenje madzulo ake anapezamo K160,000 yokha. Zigoba 12 zinali zitapita pangongole: zisanu ndi zitatu kwa mayi wophika nsima pafupi ndi depoti, zinayi kwa anthu apantchito amene ananena mawu odziwika aja akuti "tionana pakutha pa mwezi". K240,000 inali m'matumba a anthu ena. Atachotsapo K30,000 ya ufa, makala ndi sopo, kenaka K20,000 ya ulendo, anatsala ndi K110,000, yokwanira zigoba 7. Lachisanu usipa unafa wambiri kudoko, mtengo uli wabwino, iye nkumangoonerera anzake akudzaza matumba.

Mlamu wake wa tomato ndiye anali pachisangalalo. Mlimi wina wa ku Namwera anamupatsa madengu 10 pa K25,000 limodzi, kuti adzalipire pakatha masabata awiri. Iye analipira K15,000 yokha ya galimoto. Kutentha kwa ku Mangochi sikunyengerera tomato: madengu awiri anaphwanyika nkuola, asanu ndi atatu anagulitsa pa K30,000, onse kashi. M'thumba munali K225,000, ndipo anagulako foni ya K60,000.

"Alamu, vuto lanu ndi chifundo," anatero akuonetsa foniyo. "Ine wangongole ndimamuuza abwere mawa."

"Zoona alamu, koma ndalamayo ndi yanu?"

Sinali yake. Anagulitsa K240,000 katundu amene anamudyera K265,000 pophatikiza galimoto, choncho analuza K25,000 thumba lili lotupa. Tsiku limene mlimi anatsika pa kabaza kudzatenga K250,000 yake, bamboyo anali ndi K165,000, nayamba kuyendayenda kusaka K85,000.

Phindu limayankha funso lakuti, katunduyu ndagulitsa pamwamba pa zonse zimene wandidyera? Silisamala kuti wogula walipira lero kapena adzalipira mwezi wa mawa. Kayendedwe ka ndalama kamafunsa zina: yalowa liti, ituluka liti, ndipo tsiku lokaoda ndidzakhala ndi zingati m'manja? Mayi wa usipa anali ndi phindu wopanda ndalama, mlamu wake ndalama wopanda phindu. Kwa ine woopsa kwambiri ndi wachiwiriyu, chifukwa palibe chomupweteka mpaka mwini katundu atafika. Woyambayo amadziwa msanga kuti zinthu zathina.

Komabe naye ali ndi msampha wake. Akathamangira katapila wa K100,000 wobweza K150,000 kuti asaphonye usipa wa Lachisanu, K50,000 pa phindu lija la K80,000 yapita, pamene iye anakongoza anthu popanda chiwongoladzanja nkomwe. Ndiye kuti akulipirira ngongole za eni ake.

Chimene ndinawaonetsa awiriwa ndi kope la sukulu logawa pawiri. Kumanzere mumalemba oda iliyonse payokha: ndagula zingati, ndalipira zingati panjira, chaonongeka nchiyani, ndagulitsa zingati, kaya kashi kaya ngongole. Tsamba limeneli limakuuzani ngati malondawo ali ndi phindu. Kumanja mumalemba ndalama yokhayo imene yakhudza dzanja kapena yalowa mufoni, pamodzi ndi tsiku lake, ndipo pansi mumandandalika amene muli nawo ngongole ndi tsiku lowalipira. Ndalama ya banki mkhonde imalowa kumanja kokha, chifukwa si malonda. Ya ndiwo zapakhomo nayo imatuluka kumanja kokha, ndipo ikamaposa phindu la kumanzere, dziwani kuti mwayamba kudya mpamba.

Mayi uja atayang'ana tsamba lakumanja anaona yekha malire ake. Kuti abwerere kudoko ndi zigoba 20 amafunika K320,000 m'manja, kotero pa K400,000 ngongole siyenera kupitirira K80,000, zigoba zinayi basi, ndipo apo nkuti asanatapepo ya ufa. Anamuuza wophika nsima uja kuti azilipira Lachinayi lililonse asanatenge wina. Anadandaula, nasowa sabata imodzi, kenaka anabweranso ndi beseni lake. Mlamu wake anagulitsa foni ija pa K45,000, ndipo yotsalayo anamubwereka ndi mayi yemweyo anthu apantchito aja atalandira.