Zigoli zitatu pa mashoti asanu si umboni wa luso

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa masamu kuno ku Salima, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ndimakhala m'mbali mwa bwalo ndi kope, kulemba mashoti ndi zigoli za matimu a achinyamata. Pali mawu amene ndatopa nawo: "Mnyamata uyu samaphonya, taonani maperesenti ake." Akatero amaika wosewera amene wamenya mpira kugolo kasanu pambali pa mnzake amene wamenya maulendo 60, n'kulengeza kuti woyambayo ndiye katswiri. Kuyerekeza kotere n'kolakwika, ndipo kudapwetekapo mwana wa munthu ine ndikuona.

Nkhani yake idali ya anyamata awiri a timu ina ya cha ku Chipoka. Woyamba ankalowa kuchokera pa benchi, ndipo pa mashoti 5 adagoletsa 3, omwe ndi 60 peresenti. Wachiwiri ankasewera masewero onse, ndipo pa mashoti 60 adagoletsa 14, pafupifupi 23 peresenti. M'kope langa, ndikaphatikiza mashoti a osewera onse a m'ligi imeneyo, zigoli zinkakhala 12 pa mashoti 100 alionse.

Tayambani mwaona chimene mpira umodzi ungachite. Chimodzi mwa zigoli za mnyamata woyamba chidagunda mtengo wa golo n'kulowa. Chikadagunda n'kutuluka, bwenzi ali ndi 2 pa 5, ndipo 60 peresenti ija ikadatsika kufika pa 40. Mnzake uja akadaphonya chigoli chimodzi, bwenzi atachoka pa 23 kufika pa 22. Nambala imene imagwedezeka chotere chifukwa cha mtengo wa golo ikutiuza zambiri za mwayi wa tsikulo, ndipo za mwendo wa mnyamatayo ikutiuza zochepa kwambiri.

Ena amandiyankha kuti munthu wamba sangagoletse katatu pa mashoti asanu. Angathe ndithu. Wosewera amene luso lake lenileni ndi 12 pa 100 adzagoletsa katatu kapena kuposerapo pa mashoti asanu pafupifupi kamodzi pa maulendo 70. Izi zimamveka ngati zosowa mpaka mutakumbukira kuti ligi ya matimu khumi ndi anayi, timu iliyonse ikakhala ndi anyamata asanu amene amenya mashoti ochepa chotere, ndiye kuti anyamatawo akwana 70. Chaka chilichonse tiyenera kuyembekezera kuti mmodzi mwa iwo aoneka ngati wodabwitsa popanda luso lapadera, ndipo ndi yemweyo amene maso a anthu amagwerapo, chifukwa palibe amene amakamba za anzake 69 aja. N'chifukwa chake pamwamba penipeni ndi pansi penipeni pa mndandanda wa maperesenti pamadzaza osewera a mashoti ochepa.

Chimene chimatsatira akatswiri a masamu amachitcha kubwerera ku avereji. Francis Galton adachifotokoza mu 1886 ataona kuti ana a makolo aatali kwambiri amakhala aatali ndithu, koma kawirikawiri moyandikirako msinkhu wa anthu ambiri. Pa mpira zimatanthauza kuti zotsatira zilizonse zili ndi magawo awiri, luso ndi mwayi, ndipo luso limapita nawo ku masewero otsatira pamene mwayi umatsala. Mashoti akakhala ochepa gawo la mwayi limakula, choncho kubwererako kumakhala kwakukulu. Apa ndi pamene ambiri amasochera, chifukwa amachotsera osewera onse mofanana, pomwe wa mashoti 5 ayenera kukokedwa mwamphamvu ndipo wa mashoti 60 pang'ono chabe.

Njira imene ndimagwiritsa ntchito imatheka pa pepala la m'kope. Wosewera aliyense ndimamuonjezera mashoti 50 ongoyerekeza, amene agoletsedwa pa avereji ya ligi, kutanthauza zigoli 6. Mnyamata woyamba amakhala ndi zigoli 9 pa mashoti 55, zomwe ndi 16 peresenti. Wachiwiri amakhala ndi 20 pa 110, zomwe ndi 18 peresenti. Woyamba watsika kuchoka pa 60, wachiwiri wangochoka pa 23, ndipo tsopano wachiwiriyo ndiye ali patsogolo. Onani kuti woyamba uja sitidamutsitse kufika pa 12, pakuti zigoli zake zitatu zikadali umboni, ngakhale wochepa. Njirayi imatetezanso amene adayamba moipa, chifukwa mnyamata amene sadagoletse pa mashoti 6 amakhala ndi 6 pa 56, pafupifupi 11 peresenti, osati ziro amene angamuchotsetse m'timu.

Nambala ya 50 si lamulo. Ndimaisankha poona osewera amene ali ndi mashoti ambiri: akakhala kuti onse akuyandikana, ndiye kuti luso lawo silisiyana kwambiri ndipo ndimaonjezera mashoti ongoyerekeza ambiri, koma akatalikirana ndimachepetsa. Mukayesa 30 kapena 80 n'kupeza kuti amene ali patsogolo wasintha, dziwani kuti manambala anu sadakwane kuti muweruze. Pa anyamata awiriwa, mukaika 30 woyamba amafika pafupifupi 19 ndipo wachiwiri pafupifupi 20, kutanthauza kuti wachiwiri ali patsogolo ndi kachidutswa chabe, ndipo zimenezo zikutiuza kuti kusiyana kwao kudali kochepa kusiyana ndi mmene mkangano wa pa bwalo unkamvekera.

Pali malire awiri oyenera kuwasamala. Penate imalowa pafupifupi katatu pa maulendo anayi alionse, choncho mukaisakaniza ndi mashoti a patali mudzakweza womenya mapenate mosayenera, ndipo ndi bwino kuiwerenga payokha. Chinanso n'chakuti kuchepa kwa mashoti nakonso kuli ndi chifukwa chake. Ngati kochi amamukhazika mnyamata pa benchi chifukwa cha zimene amaona pokonzekera masewero, avereji yoyenera kumukokera ndi ya anzake a pa benchi, imene ingakhale yotsikirapo.

Zimene zimandiwawabe ndi zimene zidachitika pambuyo pake. Bambo wina wodzitcha ejenti adatenga 60 peresenti ija n'kuiika patsogolo, osatchula kuti mashoti adali asanu, ndipo mnyamatayo adapita ku timu ina yaikulupo. Kumeneko adagoletsa 6 pa mashoti 40 oyamba, yomwe ndi 15 peresenti, pafupi kwambiri ndi zimene kope langa lidanena. Adasewera monga mwa luso lake lenileni, lomwe lidali labwino ndithu, koma anthu adati wayamba matama, ena adati anzake amulodza. Amayi ake adagulitsa mbuzi kuti apite naye kwa sing'anga, amene adalandira ndalama kuti achiritse nthenda imene kudalibe. Ine ndidali ndi manambala aja kuyambira pachiyambi, koma ndidazengereza poganiza kuti si malo anga kulowerera nkhani za kochi, ndipo pamene ndidapita kukawafotokozera n'kuti mnyamatayo atasiya kale mpira.

Choncho aliyense wobwera ndi peresenti yonyezimira, kaya ndi ejenti kapena ogulitsa malangizo a kubetcha pa foni, mufunseni kuti mashoti ake adali angati. Akazemba funsolo musamupatse ndalama, ndipo musadikire kuti ligi ithe musanawerengere, chifukwa kuonjezera mashoti 50 ndi zigoli 6 sikutenga ngakhale mphindi ziwiri.