Kanema wopanda nkhope: jambulani mawu poyamba, sikirini pambuyo

Munthu wamanyazi amene akufuna kutsegula tchanelo pa YouTube popanda kuonetsa nkhope yake ayenera kudziwa kuti ntchito yogwira woonera imatsala m'mawu ake, pakuti woonera amapirira chithunzi chosaoneka bwino kwenikweni, koma mawu aphokoso amamuthamangitsa msanga. Pa chifukwa ichi ndimalangiza kuti mawu azijambulidwa poyamba paokha, ndipo sikirini ndi masilaidi zizibwera pambuyo kudzatsatira mawuwo. Amene amalankhula kwinaku akudinadina pa laputopu amadodoma, ndipo akalakwitsa amayenera kuyambiranso zonse.

Tiyerekeze kuti mukukonza kanema wa mphindi 6 wophunzitsa ogulitsa usipa ku Senga Bay kuwerengera phindu lawo mu Excel. Lembani zonse zimene mudzanene, kenako muziwerenge mokweza mukuyang'ana wotchi, chifukwa chiganizo chokoma papepala nthawi zina chimatha mpweya pakamwa, ndipo chotero chiyenera kudulidwa pawiri.

Malo ojambulira ndiwo amavuta kuno kunyanja. Kutentha kwa Okutobala kumafuna fani, koma kulira kwake kumalowa m'maikolofoni, ndipo chipinda cha simenti chopanda katundu chimabweza mawu. Zimitsani faniyo, tsekani mawindo, ndipo khalani m'chipinda chogona momwe muli matiresi, makatani ndi zovala, poti zinthu zofewa zimameza mawu obwererawo. M'miyezi yozizira, pamene mwera ukuwomba ndi kugwedeza malata, ndi bwino kudikira kuti mphepo ikhale bata. Foni wamba imakwanira ngati ili kutali ndi pakamwa masentimita 15 kapena 20, itapendekera pambali pang'ono kuti mpweya wa "p" ndi "ph", umene ndi wochuluka m'Chichewa, usamenye maikolofoni mwachindunji.

Musanayambe kulankhula, jambulani masekondi 5 muli chete. Mu Audacity, pulogalamu yaulere yokonzera mawu, sankhani kachigawo kachete kameneka, pitani pa `Noise Reduction`, dinani `Get Noise Profile`, kenako sankhani mawu onse ndi kugwiritsanso ntchito `Noise Reduction` yomweyo. Pulogalamuyi imachepetsa phokoso losasintha monga kulira kwa firiji, koma tambala kapena njinga yamoto ya kabaza singaichotse, choncho chiganizo chimene chasokonezedwa chibwerezedwe pomwepo. Mukachotsa phokoso mopitirira muyeso mudzazindikira msanga, chifukwa mawu anu adzamveka ngati mukulankhulira m'madzi.

Mawu akakonzeka, valani mahedifoni, aseweretseni, ndipo jambulani sikirini ndi OBS Studio, pulogalamu yaulere yojambulira sikirini, mukuchita zimene mawuwo akunena. Pamene mawu akuti phindu ndi ndalama zogulitsira kuchotsapo zogulira ndi zoyendera, dzanja lilembe `=B2-C2-D2` pang'onopang'ono, ndipo yankho likhale pa sikirini masekondi angapo. Kulitsani tsamba la Excel kufika pa 200%, chifukwa wogulitsa usipa uja adzaonera pa foni, mwinanso ali padzuwa, ndipo manambala ooneka bwino pa laputopu amasanduka timadontho pa foni. Masilaidi awiri kapena atatu ndi okwanira, iliyonse ikhale ndi mfundo imodzi m'zilembo zikuluzikulu.

Pali kanthu kamodzi mu OBS Studio kamene ndimakaona kofunika kwambiri kwathu kuno, kumene magetsi amatha kuzima mosachenjeza ndipo mabatire a malaputopu ambiri anatopa kale. Pa `Recording Format` sankhani `mkv`. Fayilo wamba ya `mp4` imamalizidwa pamene mwaimitsa kujambula, kotero kompyuta ikazima pakati yonse ikhoza kukana kutseguka, pamene ya `mkv` imasunga zimene zinajambulidwa kufikira pamenepo. Mukamaliza, `Remux Recordings` imaisandutsa `mp4` popanda kuwononga chithunzi, ndipo mukatero mumailumikiza ndi mawu aja mu pulogalamu yodulira kanema.

Za bandulo, masamu ake ndi osavuta. Kanema wa mphindi 6 wa 720p pa 5 Mbps, muyeso wa data imene kanema amadya pa sekondi iliyonse, amakhala pafupifupi 225 MB, ndipo popeza tsamba la Excel silisunthasuntha, mukhoza kutsitsa kufika pa 2.5 Mbps, kukula kwake n'kutsika ndi theka, manambala akuwerengekabe ngati munawakulitsa.

Kubisa nkhope sikubisa zonse, ndipo apa ndi pamene amanyazi ambiri amadziulula osadziwa. Uthenga wa WhatsApp ukhoza kutulukira pakona uli ndi dzina la m'bale wanu, ndipo dzina lanu lenileni limaoneka pamwamba pa Excel ngati mwalowa ndi akaunti yanu. Zimitsani mauthenga onse musanajambule, uzani OBS Studio kuti ijambule windo imodzi yokha kudzera pa `Window Capture` m'malo mwa sikirini yonse, ndipo m'chitsanzo chanu musaikemo maina kapena ngongole za makasitomala enieni. Musanatumize kanemayo, muonereni yense pa foni mukuyang'anitsitsa m'makona onse anayi.