Tebulo limene gulu lililonse likuti uku, koma chiwerengero chonse chikuti uko

Ndimaphunzitsa anamwino ndi azaumoyo kuwerenga ziwerengero kuno ku Blantyre, ndipo pali tebulo lina limene ndikalilemba pabolodi sipalephera wina kukweza dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwaphonya powonkhetsa." Ndimawapempha kuti atulutse mafoni awonkhetse okha. Amapeza kuti masamu onse ali bwinobwino.

Tebuloli linachokera pa kafukufuku wa ku Britain wofalitsidwa mu 1986, wokhudza odwala miyala ya mu impso. Odwala 350 anachitidwa opaleshoni yong'amba, ena 350 anachotsedwa miyalayo kudzera pa kabowo kakang'ono koboola pakhungu. Amene chithandizo chinawayendera bwino ndi awa:

| | Kung'amba | Kuboola |
|---|---|---|
| Miyala ing'onoing'ono | 81 mwa 87 (93%) | 234 mwa 270 (87%) |
| Miyala ikuluikulu | 192 mwa 263 (73%) | 55 mwa 80 (69%) |
| Onse pamodzi | 273 mwa 350 (78%) | 289 mwa 350 (83%) |

Pa miyala ing'onoing'ono kung'amba kwapambana. Pa ikuluikulu kwapambananso. Koma pamzere wapansi kuboola ndiko kuli patsogolo. Akatswiri amachitcha chododometsa cha Simpson, potengera Edward Simpson amene analemba za icho mu 1951, ngakhale Udny Yule anali atachifotokoza kale mu 1903.

Kuti mumvetse, siyani kaye maperesenti muone kuti ndani anapatsidwa chithandizo chiti. Mwa odwala 350 ong'ambidwa, 263 anali ndi miyala ikuluikulu, kutanthauza atatu mwa anayi alionse. Mwa oboolidwa, 270 anali ndi ing'onoing'ono. Mwala waukulu ndi wovuta ndi kale, kaya muuchotse mwa njira iti. Onani kuti njira zonse ziwiri zatsika kwambiri pamzere wachiwiri. Ndiye 78 ija yakokeredwa pansi kufupi ndi 73 chifukwa odwala ovuta ndiwo achuluka mmenemo, pomwe 83 yakhala pafupi ndi 87 chifukwa kuboola kunagwera odwala osavuta. Mzere wapansiwo ukuoneka ngati ukuyerekeza njira ziwiri, koma kwenikweni ukuyerekeza odwala ovuta ndi osavuta.

Pali kayesedwe kosavuta kamene ndimakonda. Tiyerekeze kuti njira iliyonse inalandira odwala ofanana, theka a miyala ing'onoing'ono, theka a ikuluikulu. Kung'amba kukhala (93 + 73) ÷ 2 = 83. Kuboola kukhala (87 + 69) ÷ 2 = 78. Manambala atembenuka, ndipo mzere wapansi wagwirizana ndi mizere iwiri yapamwamba.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ndimamva anthu mu minibasi akuweruza zipatala mwa njira yomweyi. Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth chimalandira odwala amene zipatala zing'onozing'ono za ku Ndirande, Limbe kapena Zingwangwa zawatumiza chifukwa matenda akula. Mukangowerenga omwalira pa odwala 100 alionse, chipatala cholandira odwala mwakayakaya chikhoza kuoneka choipa, ngakhale chitakhala kuti chimachiza bwino matenda aang'ono ndi aakulu omwe. Ndipo munthu wokhulupirira chiwerengero chotere akhoza kuchedwetsa m'bale wake kupita kumene akanathandizidwa.

Kutembenuka kotere sikuchitika popanda zinthu ziwiri kukumana: chinthu china chosiyanitsa odwalawo, monga kukula kwa mwala, chikhale chosintha kwambiri zotsatira, komanso chikhale chogawika mosafanana pakati pa njira ziwirizo. Chimodzi chikasowa, tebulo silitembenuka. N'chifukwa chake poyesa mankhwala atsopano odwala amagawidwa mwa maere, kuti ovuta asaunjikane mbali imodzi. Pa kafukufuku wa impso uja sanachite maere, choncho ngakhale 83 ndi 78 tawerengetsa zija sizikutseka nkhani. Mwina odwalawo ankasiyananso pa zina zimene tebulo silikuonetsa.

Komabe musatenge kuti mizere yogawa imanena zoona nthawi zonse. Dzifunseni kuti chimene agawiracho chinalipo chithandizo chisanayambe kapena chabwera chifukwa cha chithandizocho. Mwala unali utakula kale wodwala asanaonane ndi dokotala, ndiye kugawa potengera kukula kwake n'koyenera. Koma taganizani za mankhwala a kuthamanga kwa magazi amene cholinga chake n'kuteteza sitiroko. Mukagawa odwala potengera mmene magazi akuthamangira atamwa kale mankhwalawo, mwabisa ntchito imene mankhwalawo agwira, pakuti ndiwo asamutsa anthu ambiri kuchoka m'gulu loopsa kupita m'gulu labwino. Pamenepo mzere woyenera kuwerenga ndi wa onse pamodzi.